Mtima ukathamanga, kodi magazi otuluka amachuluka?

"Aphunzitsi, ndine wophunzira unamwino kuno ku Lusaka. Pamayeso anafunsa za mayi amene wataya magazi ambiri atabereka, mtima ukugunda ka 120 pa mphindi. Ndinayankha kuti magazi amene mtima ukupopa pa mphindi achuluka, koma anandichonga kuti ndalakwa. Chifukwa chiyani?"

Munaona nambala imodzi, pomwe funsoli limayenda ndi nambala ziwiri:

```
CO = HR × SV
```

CO ndi magazi onse amene mtima ukupopa pa mphindi, HR ndi kuchuluka kwa kugunda pa mphindi, SV ndi magazi amene chipinda chamunsi chakumanzere cha mtima chimatulutsa pa kugunda kumodzi. Mwa munthu wamkulu amene akupumula, chipindachi chimadzaza mamililita pafupifupi 120, chikafinya n'kutsala 50, ndiye otuluka ndi 70. Mtima ukagunda ka 70, ndiye 70 × 70 = 4,900, pafupifupi malita 5 pa mphindi.

Tsopano mayi uja. Magazi ali pansalu ndi pansi, choncho obwerera kumtima achepa. Chipinda chosadzaza bwino sichitambasuka mokwanira, ndipo chimafinya mofooka. Limeneli ndiye lamulo la Frank-Starling. Tinene kuti SV yatsika kufika 35. Thupi likazindikira kuti mphamvu ya magazi m'mitsempha yagwa, limauza mtima kuti ufulumire, n'chifukwa chake mukuona 120. Koma 120 × 35 = 4,200. Mtima ukuthamanga, magazi otuluka achepa. Zili ngati mwana wothamanga pakati pa mpopi ndi nyumba atanyamula chidebe cha theka: maulendo ambiri, mgolo osadzaza.

Ndiye musanasankhe yankho, dzifunseni kuti chayamba kusintha n'chiyani. Apa chayamba ndi kutaya magazi, ndipo kuthamanga kwa mtima kwabwera pambuyo pofuna kubweza zotayikazo. Kubweza kotere kumachepetsa vuto, koma magazi akatayika ambiri sikufikitsa CO pomwe inali. Wothamanga mpira n'zosiyana: minofu ya m'miyendo imakankhira magazi kumtima, mtima umafinya mwamphamvu, HR ndi SV zimakwera limodzi. 150 × 110 ndi malita 16.5.

Palinso malire amene ophunzira ambiri amaiwala. Pa kugunda ka 75, kugunda kumodzi kumatenga masekondi 0.8, ndipo 0.5 mwa iwo ndi nthawi yodzaza. Pa 180, kugunda konse kumatha m'masekondi 0.33, ndipo nthawi imene yadulidwa kwambiri ndi yodzazayo. Choncho mtima wothamanga mopitirira muyeso umatha kupopa ochepa ngakhale munthu sanataye dontho.

Chimandidetsa nkhawa n'chakuti kulakwa kumeneku sikuthera papepala. Mukadzalowa m'wodi ya amayi, ku chipatala chachikulu cha UTH kapena kukiliniki ya m'komboni, mudzapeza mayi amene bipi yake ikuoneka yabwinobwino. Mugwireni pamkono. Ngati kugunda kuli kofulumira koma kofooka, manja ali zii, m'zikope mwayera ndipo mkodzo m'thumba ndi wochepa, SV yatsika kale. Itanani thandizo, sisitani chiberekero, dripi ilowe, musadikire kuti bipi igwe.