Mphindi zitatu zija pa mamita 5, ndi phiri la Dedza pobwerera

"Ndine wa ku Kapata kuno ku Chipata. Ndinaphunzira kumira ndi silinda ku Cape Maclear, ndipo ndikufuna kubwererako. Mnzanga akuti kuima mphindi zitatu pa mamita 5 n'kwa ophunzira chabe, akuti bola kompyuta yomira nayo isalire. Kodi n'zoona? Nanga kukwera pang'onopang'ono kumathandiza chiyani?"

Alongo, mnzanuyo akunama, ngakhale ndikudziwa kuti sakunama dala. Kalata yanu yandisowetsa mtendere chifukwa mawu omwewo ndinawamvapo m'boti pafupi ndi chilumba cha Thumbi, kwa munthu amene lero akuyenda mokoka mwendo.

Anali bambo wamphamvu, wa kuno kwathu, wodziwa kusambira kuposa tonse amene tinali m'botimo. Tsikulo linali Lamlungu ndipo tinamira kawiri. Ulendo wachiwiri iye anatsika mpaka mamita 30 kutsata kampango m'miyala, nakhalitsa komweko. Atayang'ana geji anapeza mpweya watsala pang'ono, ndiye anapopera mpweya m'jekete loyandamitsa n'kunyamuka. Ine ndinali pa chingwe cha nangula pa mamita 5, anandidutsa akupitirira thovu lake lomwe. Titatuluka tinamupeza akuseka, akuthandiza anyamata kukweza masilinda. Kumtunda anamwa mowa wozizira, dzuwa likuswa mtengo, kenako analiza galimoto chifukwa Lolemba amafunika kuntchito. Ena tinagona kunyanja.

Zotsatira ndinazimva kwa akazi ake pa foni. Pokwera phiri kuchokera ku Golomoti phewa la kumanja linayamba kuwawa, ululu wa mkatikati wosasintha kaya mkono aukweze kaya autsitse. Pofika ku Dedza anali atatopa ngati walima tsiku lonse. Ku Lilongwe anapatsa mkazi wake chiwongolero, akuti mapazi achita dzanzi. Anadutsa Mchinji, anadutsa pa Mwami, onse awiri akuti ndi malungo, poti munthu wochokera kunyanja akamva kuphwanya m'thupi timathamangira malungo. Anamwa mankhwala opha ululu n'kugona. Pakati pa usiku anafuna kukodza, mkodzo osatuluka, miyendo osamvera. Okosijeni anaipeza m'mawa mwake, ndipo chipinda chopanikiza mpweya, momwe amachiritsira odwala chifukwa cha kumira, anakachiona kunja kwa dziko patapita masiku. Moyo anapulumuka, koma mwendo wakumanzere sunabwerere mwakale.

Chimene chinamuchitikira chimayamba ndi mpweya womwewu tikupumawu. Pa magawo 100, magawo 78 ndi naitirojeni, ndipo thupi siliigwiritsa ntchito. Pamtunda imalowa ndi kutuluka popanda nkhani. Koma m'madzi, pa mamita 10 alionse mphamvu yopanikiza imawonjezeka ndi baa imodzi: pamwamba ndi baa 1, pa mamita 10 ndi 2, pa mamita 30 ndi 4. Mukamapuma pa mamita 30, mpweya uliwonse umene mwakoka uli ndi naitirojeni yochuluka kanayi, ndipo imasungunuka m'magazi n'kulowerera m'minofu, m'mafuta, mu ubongo ndi mumtsempha wa msana. Mukakhalitsa pansi, yambiri imalowa. Pokwera iyenera kutuluka njira yomwe inalowera, kuchoka m'mnofu kulowa m'magazi, magazi n'kuitengera ku mapapo, inu n'kuipumira kunja. Ulendo umenewu uli ndi liwiro lake ndipo simungaufulumizitse. Mukachotsa kupanikiza msanga, naitirojeni imasanduka thovu pamene ili pomwepo, monga zimachitira mukatsegula mwamsanga botolo la chakumwa cha gasi. Thovulo likakhala m'mfundo za mafupa mumamva ululu, likatseka timitsempha ta mumsana miyendo imafa. Awa ndiwo matenda a dikompulesheni.

Ambiri amaganiza kuti choopsa chili pansi pakuya, ndiye akafika pamene kwayamba kuwala amamasuka. Pamenepo m'pamene ndimakangana ndi anthu. Kuchoka pa mamita 30 kufika pa 20, kupanikiza kumatsika kuchoka pa baa 4 kufika pa 3, ndipo kathovu kamene kali m'magazi kamakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuchoka pa mamita 10 kufika pamwamba, kumatsika kuchoka pa 2 kufika pa 1, kathovu komweko kamakula kawiri. Mamita 5 omaliza okha amakulitsa thovu ndi theka. Mpweya wa m'jekete nawo umafufuma chimodzimodzi, ndiye pamene mukufunika kuchedwa kwambiri m'pamene jekete likukukokerani kumwamba mwamphamvu. Munthu amene sadziwa kutulutsa mpweya m'jekete pang'onopang'ono akukwera sanamalize kuphunzira, kaya ali ndi khadi la maphunziro a kumira la mtundu wanji.

Za makadi zomwezi zimandipweteka. Munthu amapita kunyanja pa tchuthi, masiku ochepa wapatsidwa khadi, chaka chonse osakhudzanso madzi, kenako akubwerera ali wophunzitsa anzake m'boti. Sindidana ndi maphunziro aafupi, poti ambiri tinayambira pomwepo. Chimene ndimakana ndi mtima woti khadi latha, malamulo atha. Ndaonapo otsogolera ena akukodola alendo kuti tiyeni tituluke chifukwa gulu lina likudikira boti kumtunda. Ndaonanso anyamata ogwira mbuna zogulitsa kunja akutsika ndi kukwera kangapo pa tsiku, opanda kompyuta, madzulo akudandaula zigongono n'kumati ndi nyamakazi. Kutsika ndi kukwera kobwerezabwerezako n'koipa kwambiri, chifukwa tithovu totsala pa ulendo woyamba timakhala poyambira pa thovu la ulendo wachiwiri.

Kompyuta imene mnzanu akuidalirayo siyeza magazi anu. Imayeza kuya ndi nthawi, n'kuwerengera ndi masamu amene maziko ake anaika John Scott Haldane mu 1908, pamene ankayesa mbuzi m'chipinda chopanikiza mpweya. Iye anagawa thupi m'zigawo, zina zodzaza ndi kukhuthula naitirojeni m'mphindi zochepa, zina m'maola, ndipo makompyuta ambiri a lero akuyendabe pa nzeru imeneyo. Koma kompyuta sidziwa kuti munamwa mowa dzulo, kuti thupi lauma ndi kutentha kwa Okutobala, kuti munazizidwa pokwera magazi n'kumayenda mochedwa m'manja ndi m'miyendo, kapena kuti muli ndi kabowo pakati pa zipinda za mtima, kamene pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi ali nako osadziwa, kamene kamalola thovu kudumpha mapapo n'kupita ku ubongo. Anthu amadwala kompyuta itangokhala chete. Kuima kwa chitetezo kunaikidwa chifukwa cha zimene masamu saona.

Ife a ku Chipata sitimaliza kukwera pamwamba pa madzi

Matebulo wamba, amene amaonetsa nthawi imene mungakhale pa kuya kulikonse, anapangidwira nyanja yamchere, ndipo amagwira mpaka mamita 300 kuchokera pa mlingo wake. Nyanja ya Malawi ili pa mamita oposa 470, ndiye mukatuluka m'madzi mumatulukira mu mpweya wopepukirapo, ndipo kusiyana kwa pansi ndi pamwamba kumakula. Pa tebulo la PADI, bungwe lophunzitsa kumira, malire a nthawi yokhala pa mamita 30 ndi mphindi 20. Koma pa nyanja yathuyi mamita 30 amawerengedwa ngati 32, zomwe zimakukankhirani pa mzere wa mamita 35, pamene malire ndi mphindi 14. Bambo uja ankadziona ali mkati mwa malire, chonsecho anali atadutsa kale, osawerengeranso naitirojeni yotsala ya m'mawa. Makompyuta ena amadzisintha okha, ena muyenera kuwauza kukwera kwa malo pa `ALT` musanalowe m'madzi, ndipo ya renti muziiyang'ana nokha.

Kenako pali msewu. Dedza ili cha pa mamita 1,600, Lilongwe ndi Chipata zili pamwamba pa mamita 1,000. Kuchoka kunyanja kufika ku Dedza mwakwera mamita oposa 1,000 m'maola ochepa, ndipo thupi silisiyanitsa galimoto ndi ndege. Bungwe la DAN, loona za chitetezo cha omira, limalangiza kudikira maola osachepera 12 musanakwere ndege ngati mwamira kamodzi, ndi maola 18 ngati mwamira kangapo kapena masiku otsatizana. Ine ndimati msewu wa Golomoti tiziuwerengera lamulo lomwelo, ndipo wodzera ku Salima asadzinamize, nayenso akukwera. Amene akufunika kuntchito Lolemba amalize kumira Loweruka. Anzanga ena amati ndimakokomeza, ine pamenepa sindisuntha.

Nkhani ya malungo ija nayo muisamale. Kutopa ndi kuphwanya m'thupi zimafanana, koma matenda a thovu kawirikawiri sabwera ndi kutentha thupi. Amabwera ndi ululu wa pa phewa kapena chigongono, khungu loyabwa kapena la mawangamawanga pamimba ndi pachifuwa, dzanzi, chizungulire, kufooka miyendo, kulephera kukodza. Nthawi zambiri amaoneka m'maola oyambirira, ndipo pafupifupi onse tsiku lisanathe. Zikatero munthu agone chagada, apume okosijeni yokhayokha, amwe madzi ngati ali maso bwino, ndipo asabwezedwe m'madzi. Kuchipatala nenani poyamba penipeni kuti anamira ndi silinda, mamita angati, nthawi yanji, chifukwa wachipatala wa kumtunda kuno sangaziganizire yekha. Ululu ukachepa ndi okosijeni musati wachira. Mankhwala enieni ndi chipinda chopanikiza mpweya, momwe amamubwezera pa kupanikiza kwa mamita 18 akupuma okosijeni, kwa maola pafupifupi asanu. Musanalipire boti funsani ngati muli botolo la okosijeni, ndi komwe angakutengereni zitavuta.

Tsono pa funso lanu lenileni, alongo. Kwerani mosapitirira mamita 9 pa mphindi. Liwiro lakale linali 18, koma asilikali a pamadzi a ku Amerika analitsitsa mu 1993. Kuchoka pa mamita 30 kufika pa 5 zikutengereni mphindi pafupifupi zitatu. Pamenepo imani zina zitatu, kapena zisanu ngati munapita pakuya kapena mwamira kangapo. Kuimako kumapatsa magazi, ubongo ndi mtsempha wa msana mpata wokhuthula naitirojeni madzi akadapanikiza thovu kuti lisakule, komanso kumaduliza liwiro lanu pamalo oopsa paja. Sikutsuka zigawo zochedwa monga mafuta, n'chifukwa chake za msewu zija zikadalipo ngakhale mwaima bwinobwino. Mpweya wake si wambiri: munthu wopuma malita 20 pa mphindi pamtunda amapuma 30 pa mamita 5, ndiye mphindi zitatu ndi malita 90, pafupifupi mabaa 8 mu silinda ya malita 12. Konzani kuti mutuluke ndi mabaa 50. Mukamaliza kuima, mamita 5 otsalawo muwakwere kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, mukupuma osagwira mpweya. Mpweya ukatheratu kapena mnzanu akakomoka, kuimako kudumpheni, mutuluke, musamirenso tsiku limenelo, ndipo mugone kunyanja.