Chotupa cha pambali pa tayala sichiphwa, chimaphulika

"Achimwene, sabata yatha ndinagwera m'dzenje ku Rosettenville kuno ku Joni mvula ikugwa. Pano tayala lakutsogolo kumanzere latupa pambali ngati dzira, koma silikuphwa ndipo mapando ake akadali atsopano. Pa galaja ina akuti angoliika kumbuyo, ena akuti aikemo chubu. Ndikufuna kupita kumudzi mu Disembala ndi banja. Kodi lingandifikitse?"

Kalata yanu ndinaiwerenga usiku nditaweruka, ndipo tulo tinandithawa, chifukwa mawu akuti "tingoliika kumbuyo" ndinawamvapo ndi makutu angawa, ndipo ndinawamvera.

Nthawi imeneyo ndinali ndi pikiyapu yakale imene ndinkanyamulira katundu wa anthu kupita kumudzi: mafiriji, mabedi, malata, zikwama zazikulu zija zamizeremizere. Kutatsala masiku atatu kuti tinyamuke, ndinagunda mphepete mwa msewu ku Turffontein pokhota, ndikuthawa minibasi imene inandilowerera. Sindinkathamanga n'komwe. Ndinangomva kuti gu! pansi, chiwongolero chinagwedezeka pang'ono, basi. M'mawa mwake ndikutsuka galimoto ndi pamene dzanja langa linakhudza kachotupa pamwamba pang'ono pa limu, kosaposa ndimu yaing'ono. Ndinakadina ndi chala, kanali kofewa pang'ono kusiyana ndi malo ena onse. Ndalama zinali zitathera ku dizilo, mapepala a pa boda ndi inshuwalansi yodutsira ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Mnyamata wina wogulitsa matayala a kaunjika anandiuza kuti bambo, ilili ndi lamoyo, tiliike kumbuyo, likafika ku Blantyre n'kubwerako. Ndinavomera chifukwa ndi zimene mtima wanga unkafuna kumva.

Tinanyamuka m'bandakucha ndi alamu anga, tinalowa mu N1, Pretoria, Polokwane, zonse bwinobwino. Titadutsa Louis Trichardt, titatsika mapiri aja kulowera ku Musina, dzuwa linali litafika paliwombo, phula likuchita kunyezimira. Kunamveka phokoso ngati mfuti. Kumbuyo kwa galimoto kunayamba kutaya uku ndi uku, katundu yense akukokera mbali imodzi. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti alamu anakuwa kuti musaponde buleki, musaponde buleki, ndipo mbali inayo kunalibe thiraki imene inkabwera. Tinakaima mu udzu, manja anga akunjenjemera moti ndinalephera kugwira jeki. Titalichotsa tayala lija, pamene panali chotupa panali patang'ambika kuchokera pa limu mpaka pa mapando, ulusi woyera uli lendelende ngati ndevu za chimanga. Alamu sanalankhule nane mpaka pa Beitbridge. Anali ndi ana atatu aang'ono ku Ndirande, ndipo ine ndinali nditawabisira za chotupacho.

Ulusi woyera umenewo ndiwo nkhani yonse, ndiye tiyeni tiuone bwino. Anthu ambiri timaganiza kuti tayala ndi labala basi, ndipo labala likakhala lokhuthala ndiye kuti tayala n'lolimba. Ayi. Labala palokha silingagwire mpweya umene timapopamo, lingafufume ngati chibaluni. Chimene chimagwira ndi nsalu ya ulusi wolimba, kawirikawiri wa poliyesitala, imene ili mkati mwa labalalo. Pa matayala amene tikuyendera masiku ano, ulusiwo umayenda chopingasa, kuchoka pa mkombero umodzi wa limu, kukwera m'mbali, kudutsa pansi pa mapando, n'kutsikira ku mkombero winawo. Malamba a mawaya achitsulo amene mumawaona tayala likatheratu ali pansi pa mapando pokha, pamene pamaponda msewu. M'mbali mulibe malamba amenewo. Muli ulusiwo, mwina mzere umodzi kapena iwiri, kalabala kopyapyala mkati kotsekereza mpweya, ndi labala lakunja. Anapanga dala choncho kuti mbaliyo izipindika, galimoto isamadumphe ngati ngolo.

Ndiye tayala likamenya mlomo wa dzenje, mbali ija imapanikizika pakati pa phula lakuthwa ndi chitsulo cha limu, ngati chala chopanidwa ndi chitseko. Ulusi ungapo umaduka pomwepo, mkati, pamene diso silingaone. Labala lakunja silidulidwa chifukwa limatamuka. Mpweya ukapeza malo opanda ulusi umakankha labalalo kunja, ndipo nthawi zina kalabala ka mkati kamang'ambikanso, mpweya n'kulowa pakati pa zigawozo n'kumazisiyanitsa. Chotupa chimene mukuchionacho ndi chimenechi. N'chifukwa chake tayala lanu silikuphwa: bowo lotulukira panja palibe, koma chimene chatsala pakati pa mpweya ndi kunja ndi labala lopanda chogwirira. Chotupa china chimaoneka tsiku lomwelo, china chimadzatuluka patapita masabata, munthu utaiwala kale za dzenje lija.

Tiwerengere limodzi. Galimoto yaing'ono timaipopa mabaa 2.2 kapena pafupi ndi pamenepo. Zimenezi zikutanthauza kuti pa kamalo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, mpweya ukukankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu oposa pang'ono awiri. Chotupa cha masentimita 5 uku ndi 5 uku chasenza makilogalamu pafupifupi 55, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku, ngakhale galimoto itangoima pakhomo. Ikamayenda ndiye zimaposa apa. Tayala lolembedwa 195/65 R15 likazungulira kamodzi limayenda mamita pafupifupi awiri, ndiye pa kilomita imodzi limazungulira ka 500. Mukamathamanga makilomita 120 pa ola, malo othyokawo akupindika ndi kuwongoka pafupifupi ka 17 pa sekondi iliyonse. Ulusi wa m'mphepete mwa chotupa ukusenza katundu wake ndi wa unzake umene unaduka, ndiye nawonso umaduka umodziumodzi. Kupindikako kumabweretsa kutentha, kutentha kumafewetsa labala n'kuonjezera mphamvu ya mpweya. Kuchoka kuno kukafika pa Beitbridge pokha ndi makilomita oposa 500, ndiye kuti tayalalo lapindika kopitirira 250,000, ndipo simunaone Harare, simunaone Nyamapanda, simunaone kutentha kwa ku Tete.

Palibe munthu, kaya makaniko wa zaka zingati, amene angayang'ane chotupa n'kukuuzani kuti chikhala masiku angati. Changa chinali chaching'ono. China chimatha mwezi, china chimaphulika pa msewu wa M2 mawa m'mawa mukupita ku ntchito. Ndipo sichiphwa pang'onopang'ono ngati msomali kuti mupeze mpata woima, mpweya wonse umachoka nthawi imodzi.

Za chubu ndi chigamba

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Chubu chimasunga mpweya, koma vuto lanu si mpweya kutuluka. Chubucho chidzakankha malo omwewo opanda ulusi ndi mphamvu yomweyo, ndiponso mkati mwa tayala limene silinapangidwire chubu chimakhulana ndi khoma n'kumatentha. Chigamba nachonso ndi chimodzimodzi. Chimatseka bowo, koma sichilumikiza ulusi woduka, ndipo m'mbali mumapindika kwambiri moti chimamatuka. Bowo limene amalimata moyenera ndi la pa mapando, losaposa mamilimita 6. Mbali ya tayala siimatidwa. Amene akukuuzani kuti aliwotcha n'kuliphwetsa chotupacho akungobisa chilonda.

Kuliika kumbuyo ndakuuzani kale mmene kunandithera. Anthu amaganiza kuti kumbuyo n'kopepuka chifukwa kulibe chiwongolero, koma lakutsogolo likaphulika mumakhala ndi chogwira m'manja cholimbana nacho. Lakumbuyo likaphulika galimoto imataya mchira, ndipo pa ulendo wa kumudzi kumbuyoko ndi kumene kuli masutikesi, matumba ndi ana.

Ndinenenso za matayala a kaunjika, popeza tonse timawagula ndalama zikavuta ndipo sindinyoza munthu. Chotupa sichioneka tayala likakhala lopanda mpweya, lili pa mulu. Chimatuluka akalipopa. Ena osaopa Mulungu amalitembenuza kuti chotupa chiyang'ane mkati mwa galimoto, inu n'kumaona mbali yosalala. Ngati mukugula, musapereke ndalama asanaliike pa limu n'kulipopa, kenako muliyendetse dzanja mbali zonse ziwiri. Asanaliike, suzumirani mkati ndi tochi ya foni, muone ngati muli chigamba m'mbali, mng'alu kapena fumbi lakuda la labala, limene limasonyeza kuti wina analiyendera lili lophwa. Pambali pamakhalanso manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka, choncho 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019.

Achinyamata athu amene amakonda malimu akuluakulu ndi matayala opyapyala adziwenso kuti akudziitanira vutoli. Tayala la 195/65 lili ndi mbali yotalika mamilimita pafupifupi 127, pamene la 225/40 lili ndi 90 okha, ndiye limu imafika msanga pa phula. Tayala losakhuta mpweya kapena galimoto yolemedwa ndi katundu n'chimodzimodzi. Mvula ya kuno ya Disembala ndi Januwale ikadzaza maenje, sudziwa kuti chithaphwi chili kutsogoloko n'chakuya bwanji.

Chinthu chimodzi chokha chisakuopseni. Matayala ena atsopano amakhala ndi kamzera kolowa mkati pambali, kochoka ku limu kupita ku mapando, pamene nsalu ija inalumikizana posanjikiza. Kameneko si vuto. Cholowa mkati chisiyeni, chotulukira kunja ndicho choopsa, ndipo lanulo mwanena nokha kuti lili ngati dzira.

Ndiye achimwene, ayi, silikufikitsani, ndipo musadikire Disembala. Lero lomwe ikani sipeya galimoto ili pakhomo pompo. Ngati sipeya yanu ndi kaja kakang'ono kopyapyala, musapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo kangokufikitsani kogula tayala. Gulani la saizi yomweyo, manambala a kulemera ndi liwiro asatsike pa amene ali pa lakalelo. Popeza mwati mapando ndi atsopano, limodzi likwana ngati mwapeza lofanana ndi linzake. Auzeni ayang'ane limu ngati inapindika, aone tayala lakumbuyo la mbali yomweyo chifukwa nalonso linadutsa m'dzenje lomwelo, ndipo ayeze ngati mawilo akadali owongoka. Malamulo a pamsewu a dziko lino salolanso kuyendera tayala lotupa, apolisi akaliona akhoza kukulipiritsani. Lakalelo musalisunge ngati sipeya, ndipo musalisiye lathunthu pa galaja. Apempheni alicheke pambali inu mukuona, kuti lisakapezeke pa mulu wa kaunjika n'kugulidwa ndi mnzathu wina wopita kumudzi.