Mwachedwa kamodzi, akudulani chindapusa: kodi banki ingamve pempho lanu?

"Moni. Ndakhala ndikubweza ngongole yanga ya ku banki kwa zaka ziwiri osadumphitsa mwezi. Mwezi wathawu malipiro anachedwa kuntchito, ndiye andidula chindapusa. Kodi ndingapemphe kuti andichotsere? Nanga chiwongoladzanja angatsitse poona kuti ndimabweza bwino? Ndikuchita manyazi kupita." — Mayi wina, pa imelo

Mayi, mawu akuti manyaziwo ndi amene andikhudza, ndipo ndikufuna muwataye musanatuluke m'nyumba. Banki sinakuchitireni chifundo pokukongozani. Inakugulitsani ndalama, inu mukulipira mtengo wake mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wobweza mokhulupirika ndi amene amaidyetsa. Pitani ndithu, ndipo pitani sabata ino. Chifukwa chofulumirira ndichidziwa bwino poti zinandionekera.

Inenso ndinali ndi ngongole yodulidwa pa akaunti tsiku lokhazikika. Mwezi wina abwana anachedwa kutilipira, tsiku lodula linafika akaunti ili mbee. Malipiro atalowa, banki inatenga ndalama zake, ine mtima pansi. Mwezi wotsatira ndinalipira pa nthawi yake, ndalama zonse, koma foni inalira ndi uthenga wakuti ndatsalira. Mwezi winanso chimodzimodzi. Ndinapita ku nthambi yathu nditakwiya, ndinapempha sitetimenti ya ngongoleyo (osati ya akaunti, ndi mapepala awiri osiyana), ndinakhala pa benchi n'kumatsata mzere uliwonse ndi chala. Apa ndi pamene ndinaona mmene zimayendera. Ndalama ikalowa, obwereketsa ambiri amayamba adula zindapusa, kenako chiwongoladzanja, ngongole yeniyeniyo pamapeto. Tinene kuti mumabweza 55,900 pamwezi ndipo chindapusa ndi 5,000. Mukapereka 55,900 yanu ija, 5,000 imapita ku chindapusa, ya mweziwo imakhala yopelewera ndi 5,000, kompyuta n'kukulembani kuti mwachedwanso, chindapusa china n'kubwera. Kuchedwa kamodzi kunabala zindapusa zingapo, ine ndikulipira mokhulupirika nthawi yonseyo.

Mtsikana wa pa kauntala anandimvera chisoni koma anati alibe mphamvu yochotsa kalikonse, ndipo ankanena zoona. Anthu ambiri amathera pomwepo, amakangana ndi wa pa kauntala n'kubwerera kwawo akunena kuti banki yakana, chikhalirecho sanafike n'komwe kwa munthu amene angavomere kapena kukana. Ine ndinalemba kalata kwa manijala wa nthambi, ndinamatapo sitetimenti ija nditalemba mizere pa miyezi yonse imene ndinalipira pa nthawi, ndi kalata ya kuntchito yosonyeza tsiku limene malipiro analowa. Anachotsa zindapusa zonse zimene zinabadwa pa kuchedwa kumodziko.

Mpaka lero zimandiwawa kuti palibe amene amamuuza wokongola za ndondomeko imeneyi pomwe akusayina. Imakhala m'mgwirizano, inde, pa tizilembo ting'onoting'ono, koma ndi angati amafotokozeredwa? Ndikunena mosapsatira: kulanga munthu kangapo pa cholakwa chimodzi si chilungamo, ngakhale zitalembedwa m'pepala limene anasayina. Ndipo pali chinthu china chachikulu kuposa 5,000 ija. M'maiko ambiri obwereketsa amatumiza mbiri ya mmene mukubwezera ku mabungwe osunga mbiri ya okongola. Kuchedwa kwa masiku ochepa nthawi zambiri sikuipitsa dzina, koma kupelewera kukapitirira masiku 30 kumayamba kuoneka. Choncho m'kalata yanu mufunsenso ngati munalembedwa kumeneko, ndipo ngati munalembedwa chifukwa cha chindapusa chimene achotsa, akonze.

Nanga chiwongoladzanja?

Iyi ndi nkhani ina, ndipo musaiphatikize m'kalata imodzi ndi yoyamba ija. Chindapusa ndi ndalama yochepa imene manijala kapena woyang'anira ngongole angakhululuke yekha. Kutsitsa chiwongoladzanja ndi kusintha mgwirizano, kawirikawiri kumadutsa ku likulu, ndipo mukasakaniza ziwirizi, pempho losavuta limachedwa podikira lovuta.

Yambani mwaona mtundu wa chiwongoladzanja chanu. Ngati ndi chosinthasintha, chili ndi magawo awiri: mlingo woyambira umene umatsata msika ndi banki yaikulu ya dziko, ndi kagawo kamene banki yanu imaonjezapo malinga ndi mmene inakuonerani kuti mungalephere kubweza. Woyambirawo sangausunthe chifukwa cha inu. Kagawo kapamwambako ndiye pokambirana, ndipo mbiri yanu imagwira ntchito pamenepo. Pokukongozani sankakudziwani, anakuikirani mtengo wa munthu wokayikitsa. Tsopano ali ndi umboni wa zaka ziwiri. Nenani zimenezo. Koma mbiri yokha nthawi zambiri siikwanira, chifukwa munthu wobweza bwino pa mtengo wokwera ndi amene banki imasangalala naye momwe alili. Chimene chimawadzutsa ndi pepala la banki ina losonyeza kuti ikhoza kukugulirani ngongoleyo pa mtengo wotsika. Likhale pepala lenileni, osati kuopseza ndi pakamwa.

Musanavutike, werengani phindu lake. Tinene kuti mwatsala ndi 1,000,000, miyezi 24, pa 30 peresenti pachaka yowerengera pa ndalama yotsala. Mumabweza pafupifupi 55,900 pamwezi. Akatsitsa kufika pa 27 peresenti, muzibweza pafupifupi 54,400. Mwapulumutsa 1,500 ndi kanthu pamwezi, zonse pamodzi pafupifupi 36,800. Koma akati kusintha mgwirizanowo mulipira 2 peresenti ya ndalama yotsala, ndi 20,000 imeneyo, phindu lanu latsika kufika pa 16,800. Likadalipo, koma si lalikulu monga mmene 3 peresenti imamvekera. Mukadakhala kuti mwatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, sindikanakulimbikitsani n'komwe, chifukwa chiwongoladzanja chambiri munalipira kale kumayambiriro. Kusamukira ku banki ina nakonso kuli ndi ndalama zake, yotsekera ngongole nthawi isanakwane ndi yotsegulira yatsopano.

Pali msampha umodzi umene ndimadana nawo kwambiri. Mwapempha kuti atsitse chiwongoladzanja, iwo akuti, "Titha kukuchepetserani ndalama ya pamwezi." Zimamveka ngati zomwezo koma ayi. Nthawi zambiri akutanthauza kutalikitsa ngongole: 1,000,000 yomwe ija pa 30 peresenti akaitambasula kufika miyezi 36, pamwezi imatsika kufika pafupifupi 42,500, koma chiwongoladzanja chonse chimakwera kuchoka pafupifupi 342,000 kufika pafupifupi 528,000. Kwa munthu amene wapanikizika zedi, mpumulo umenewo ungathandize. Kwa inu amene mukukwanitsa, ndi kutaya ndalama. Funsani funso limodzi: "Pofika pamapeto ndidzakhala nditalipira zingati zonse pamodzi?" Ena amakupatsaninso mwayi woonjezera ngongole m'malo moyankha pempho lanu. Kanani mwaulemu, bwererani pa nkhani imene mwabwerera.

Tsono Mayi, mawa tengani sitetimenti ya ngongole, muone ngati pali chotsalira, ndipo ngati chilipo lipirani kaye pamodzi ndi chindapusacho kuti chisabale china. Akavomera pempho, pemphani kuti akubwezereni pa akaunti. Kalata ikhale ya tsamba limodzi: nambala ya ngongole, miyezi imene mwalipira pa nthawi, tsiku limene munachedwa ndi chifukwa chake, ndi ndalama imene mukupempha kuti achotse. Akudindireni chidindo pa kope lanu. Akavomera ndi pakamwa, pemphani kuti alembe, ndipo mudzaone sitetimenti ya mwezi wotsatira ngati zachotsedwadi. Mufunsenso ngati angasunthe tsiku lodula kuti lizifika patapita masiku angapo malipiro atalowa. Kalata ya chiwongoladzanja mudzalembe chindapusa chikachoka, pepala la banki ina lili m'manja.