Malikisi anu si a ku Amerika: za GPA ndi fomu ija yakusowetsani tulo

"Ndinamaliza digiri yanga kuno ku Lilongwe ndipo chikalata cha malikisi anga chili m'mapelesenti. Fomu ya sukulu yakunja ikufuna GPA pa sikelo ya 4, ina ikufuna pa sikelo ya 5. Mnzanga akuti ndingogawa avereji yanga ndi 25 kapena 20. Ndikatero ikutuluka nambala yochititsa manyazi. Kodi ndisiye kufunsira?"

Achemwali, musasiye. Ndipo mnzanuyo mumuuze mwaulemu kuti njira yakeyo asaphunzitsenso munthu wina.

Kalata yanuyi yandikwiyitsa, osati chifukwa cha inu, koma chifukwa yandikumbutsa mwana wa alongo anga. Mtsikanayu tinkakhala naye ku Area 25 zaka zonse zimene anali pa yunivesite. Ndinkamuona ndi maso angawa akuwerenga ndi kuwala kwa foni magetsi atazima, miyendo ataiviika m'beseni la madzi kuti tulo tisamube. Anamaliza ndi avereji ya 67, ndipo aliyense amene anadutsa m'manja mwa aphunzitsi athu a ku koleji akudziwa kuti 67 satola pansi. Atamva za sikolashipu ina yofuna kuti GPA, nambala imodzi yosonyeza avereji ya magiredi onse a munthu, ikhale yosachepera 3.0, anapita m'tauni kukasindikiza mapepala pa kashopu kena kamene amathandizanso anthu kulemba mafomu a pa intaneti. Mnyamata wa pamenepo, ndi mtima wabwino ndithu, anatenga foni, nagawa 67 ndi 25, namuonetsa 2.68. Anati, "Asisi, apa simukufikapo, musataye ndalama zanu." Mwana anabwerera kunyumba, naika mapepala pansi pa matiresi, osauza munthu. Ife tinadzamva nkhaniyi tsiku lotsekera litadutsa kale. Chimandiwawa mpaka pano n'chakuti sanakanidwe ndi sukuluyo ayi. Fomu yake sinafike n'komwe pa tebulo la anthu amene ntchito yawo ndi kuwerenga malikisi a m'mayiko osiyanasiyana.

Kugawa ndi 25 kumaganiza kuti 100 ndiye 4.0, 75 ndiye 3.0, ndipo 50 ndiye 2.0, ngati kuti malikisi amakwera mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Masukulu ambiri sawerengera chonchi. GPA imachokera ku magiredi. Kosi iliyonse imayamba yapatsidwa giredi, A, B, C, kutsika m'munsi, ndipo giredi iliyonse ili ndi mapointi ake. Pa sikelo ya 4 imene imagwira ntchito kwambiri ku Amerika, A ndi mapointi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0. Funso lenileni ndiye ili: A amayambira pa malikisi angati? Ku masukulu ambiri a ku Amerika amayambira pa 90, B pa 80, C pa 70, D pa 60. Ku Britain munthu wopeza 70 ali kale m'gulu lapamwamba kwambiri la digiri, ndipo wa 60 mpaka 69 ali m'gulu lachiwiri lapamwamba, limene masukulu ambiri kumeneko amafuna kwa ofunsira masitazi. Choncho 70 yemweyo kwina ndi C, kwina ndi mutu wa kalasi.

Kachongedwe kathu kuno kanatsamira ku Britain. Aphunzitsi athu akakupatsa 72 pa mayeso olemba nkhani, ndiye kuti wawasangalatsa kwambiri, ndipo 90 ambiri a ife tinangoimva kwa a masamu. Ine sindiona vuto ndi kuumira malikisi kotereku, bola kuzidziwika. Chimene ndimadana nacho n'chakuti masukulu athu ena amatulutsa ana ndi chikalata cha malikisi chopanda kufotokoza kuti manambalawo akutanthauza chiyani, kenako mwanayo azikavutika yekha kutsimikizira mlendo kuti 65 si kulephera. Ofesi iliyonse yosunga zotsatira inayenera kusindikiza tebulo la magiredi kuseri kwa chikalata chilichonse, ndi kukhala ndi kalata yokonzakonza yofotokoza kachongedwe kawo. Si ntchito yaikulu. Ndi pepala limodzi ndi chidindo.

Ndipo poti tayamba za manambala osocheretsa, ndinenepo za MSCE, chifukwa makolo ambiri amandifunsa. Pa MSCE nambala yaing'ono ndiye yabwino: 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo mwana wa mapointi 6 pa maphunziro asanu ndi limodzi ndiye wakhoza koposa. Pa GPA zinthu zatembenuka, nambala yaikulu ndiye yabwino. Ndinaonapo bambo wina akufuna kulemba mapointi a MSCE a mwana wake m'bokosi la GPA. Musatero. Tumizani satifiketi monga ilili.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Titenge semesita ya munthu wongoyerekeza, ya makosi asanu. Kosi iliyonse ili ndi malikisi ndi makirediti. Makirediti amenewa ndi kulemera kwa kosi, nthawi zambiri malinga ndi maola ophunzira pa sabata, ndipo amalembedwa pambali pa dzina la kosi. Munthu wathuyu anapeza 74 pa kosi ya makirediti 4, 68 pa ya makirediti 3, 61 pa ina ya makirediti 3, 55 pa ya makirediti 2, ndi 48 pa pulojekiti ya makirediti 4. Makirediti onse pamodzi ndi 16.

Kawerengedwe kake ndi aka, ndipo sikasintha kaya sikelo ndi ya 4 kapena ya 5:

```
GPA = Σ(mapointi × makirediti) ÷ Σ(makirediti)
```

Tiyambe ndi sikelo ya 5, monga imagwirira ntchito m'mayunivesite ambiri a ku Nigeria. Kumeneko 70 kupita m'mwamba ndi mapointi 5, 60 mpaka 69 ndi 4, 50 mpaka 59 ndi 3, 45 mpaka 49 ndi 2, ndipo 40 mpaka 44 ndi 1. Ndiye 74 uja akupereka mapointi 5, kuchulukitsa ndi makirediti 4 tikupeza 20. Makosi a 68 ndi 61 onse ndi mapointi 4, ndipo iliyonse ikupereka 12. Ya 55 ikupereka 6. Pulojekiti ija ya 48 ili ndi mapointi 2 okha, kuchulukitsa ndi 4 tikupeza 8. Zonse pamodzi ndi 58. Tikagawa 58 ndi 16 tikupeza 3.63. Pa kachitidwe ka ku Nigeria, kuyambira 3.50 mpaka 4.49 ndi gulu lachiwiri lapamwamba, choncho munthuyu ali pabwino.

Tsopano onani zimene njira ya mnzanu ikanamuchita. Avereji ya malikisi ake, poganizira makirediti, ndi 61.56. Kugawa ndi 20 kukupereka 3.08, kumutsitsa gulu lathunthu. Palinso njira ina yolakwika imene imakometsa zinthu: kutenga avereji ya 61.56 ija n'kuiyang'ana pa tebulo kamodzi kokha. Ikugwera pa 60 mpaka 69, ndiye munthu n'kulemba 4.0. Imeneyonso si yoona, chifukwa yabisa pulojekiti imene inamukokera pansi. Kosi iliyonse isinthidwe payokha, kuphatikiza kubwere pambuyo.

Pa sikelo ya 4 m'pamene pali dzenje lalikulu. Mukatenga tebulo la ku Amerika lija n'kuliika pa malikisi amenewa, 74 akhala C, 68 ndi 61 akhala D, ndipo 55 ndi 48 akhala F, makosi amene munthuyu anakhoza bwinobwino kusukulu kwake. Mapointi onse akwana 14, ndipo GPA ituluka 0.88. Chizindikiro chakuti mwatenga tebulo lolakwika n'chimenechi: kosi imene munakhoza ikaoneka ngati munalephera, imani pomwepo. Masamba ambiri a pa intaneti owerengera GPA amabwera ndi tebulo limeneli, ndipo sakufunsani kuti munaphunzira kuti.

Tiyerekeze kuti sukulu imene mukufunsirayo yapereka tebulo lakuti 70 kupita m'mwamba ndi 4, 60 mpaka 69 ndi 3, 50 mpaka 59 ndi 2, 40 mpaka 49 ndi 1. Ili ndi langopereka chitsanzo, musalitenge ngati lamulo. Pamenepa tipeza 16, 9, 9, 4 ndi 4, zonse 42, ndipo kugawa ndi 16 kukupereka 2.63. Munthu mmodzi, malikisi omwewo, koma 0.88 uku, 2.63 uku. Taonaninso kuti mukatenga 3.63 wa sikelo ya 5 n'kumuchepetsa pochulukitsa ndi 4 n'kugawa ndi 5, mupeza 2.90, osati 2.63. Choncho simungadumphe kuchoka pa sikelo ina kupita pa inzake. Mafomu anu awiriwo aliyense afunika kuwerengera kwake, kuyambira pa malikisi enieni.

Pali tinthu tiwiri timene timagwetsa anthu ngakhale tebulo lili lolondola. Koyamba ndi sapu, mayeso olembanso munthu akalephera kosi, ndi makosi obwereza. M'masukulu ambiri munthu akakhoza mayeso a sapu amangopatsidwa malikisi opambanira basi, ngakhale atalemba bwino chotani, ndipo masukulu ena olandira amawerenga maulendo onse awiri a kosi yobwereza, woyamba wolephera uja ndi wachiwiri. Gwiritsani ntchito zimene zalembedwa pa chikalata, musachotsepo kosi chifukwa ikuipitsa nambala. Kachiwiri ndi kukweza manambala. Ngati mwapeza 2.96, lembani 2.96. Anthu olandira mafomu amawerengeranso okha, ndipo nambala yanu ikasiyana ndi yawo mokomera inu, amayamba kukayikira fomu yonse.

Ndiye muchite chonchi. Yang'anani kaye kuseri kwa chikalata chanu kapena m'buku la malamulo a sukulu yanu. Ngati sukulu yanu ili ndi tebulo lake la magiredi ndi mapointi, limenelo ndiye loyamba, ndipo mupemphe ku ofesi kalata ya chidindo yofotokoza tebulolo ndi malikisi opambanira. Kenako werengani fomu ija modekha, chifukwa mafomu ambiri amalola kulemba malikisi monga alili n'kuonetsa kuti ndi pa 100, ndipo ena amachita kunena kuti musasinthe nokha. Ngati bokosi la GPA likukana kudutsa lopanda kanthu, lemberani ofesi yolandira ophunzira kuwafunsa tebulo limene amagwiritsa ntchito pa malikisi a ku Malawi, ndipo yankho lawo mulisunge. Masukulu ena a ku Amerika ndi Canada adzakuuzani kuti mudutse ku bungwe lounika zikalata monga World Education Services. Kumeneko mumalipira, ndipo kawirikawiri amafuna kuti chikalata chichokere kusukulu kwanu mwachindunji osati m'manja mwanu, choncho pitani ku ofesi ya sukulu yanu msanga, nthawi yotsekera isanayandikire.