Utoto wodula agule ndani?

"Ndimajambula zithunzi za pansalu zogulitsa kwa alendo. Ndamva kuti buluu wotchedwa alutramarini kale ankapikisana mtengo ndi golide. Ankamupanga bwanji? Ndikufuna kutenga katapila ndiitanitse weniweniyo kuti zithunzi zanga zikwere mtengo." Wojambula, Mangochi

Achimwene, za kapangidwe ndikuuzani, koma pamene pandidzidzimutsa ndi pa katapilapo.

Buluu ameneyu ankachokera ku mwala wa lapisi lazuli wokumbidwa m'mapiri a Badakhshan ku Afghanistan, ndipo ku Ulaya unkalowera padoko la Venice. Kungoupera, ufa wake umatuwa. Choncho cha m'ma 1400 ku Italy ankasakaniza ufawo ndi phula ndi utomoni, n'kumakanya mpirawo m'chidulo. Buluu ankatsalira m'madzimo, zinyalala n'kukanirira m'phula. Wotuluka poyamba ndiye anali wapamwamba, womaliza anali wotumbuluka ndi wotchipa. Pa kilogalamu ya mwala, utoto wabwino unkangokwana timagalamu makumi ochepa.

Tsono imvani mmene anzanu akale ankadzitetezera. Mu 1485, Domenico Ghirlandaio atapatsidwa ntchito yojambula chithunzi cha m'tchalitchi cha nyumba ya ana amasiye ku Florence, pangano linalembedwa. Linatchula mtengo wa ntchito yonse, nthawi yomalizira, ngakhalenso buluu woti agwiritse ntchito: wa mafolorini pafupifupi 4, ndalama zagolide za ku Florence, pa aunsi imodzi. Mwini chithunzi anali atapezeka kale utoto usanagulidwe. Inu mwini chithunzi wanu ali kuti? Mwalemberana naye chiyani?

Buluuyo sankamwazanso paliponse, nthawi zambiri ankamusungira chovala cha Mariya. Utoto wa tsiku ndi tsiku unali woyera wa mtovu. Ku Holland ankaika mapale a mtovu m'miphika ya viniga, n'kuikwirira m'ndowe za akavalo pafupifupi miyezi itatu, kenako n'kupala makoko oyerawo. Unali wotchipa koma wapoizoni, ndipo ogulitsa achinyengo ankauthira choko.

Mtengo wa buluu wopikisana ndi golide uja unagwa kalekale. Mu 1828 Jean-Baptiste Guimet wa ku France anapata mphotho ya mafalanki 6,000 chifukwa chopanga alutramarini wa m'fakitale. Ankamugulitsa mafalanki 400 pa kilogalamu, pamene wa mwala anali pakati pa 3,000 ndi 5,000. Buluu wochapira malaya oyera uja ndi mtundu womwewo. Mlendo wongodutsa, angasiyanitse awiriwa ndi maso?

Tiwerengere mwachisawawa. Tinene mwatenga K200,000 kwa wakatapila wofuna theka pamwamba pakutha mwezi. Muyenera kubweza K300,000, utoto usanafike n'komwe. Ngati chithunzi chimakusiyirani K20,000, ndiye kuti zithunzi 15 mwajambulira iyeyo.

Gulani wa m'fakitale. Akabwera wofunadi wa mwala, mulemberane papepala kukula kwa chithunzi, mtundu wa utoto ndi tsiku lomaliza, ndipo ndalama ya utotoyo apereke iye musanaitanitse.