Cheke chalembedwa Kamwendo, bilyeti ikuti Camuendo

"Ndine mlimi wa ku Domwe, m'boma la Angoniya ku Mozambique. Ndinakulira ku Dedza nthawi ya nkhondo, ndipo kusukulu ankandilemba Kamwendo. Nditabwerera kuno anandilemba Camuendo pa bilyeti yanga. Ndagulitsa soya wa metikali 85,000 ku kampani ina, cheke alemba Kamwendo, kubanki akana. Mnzanga akuti ndikangolumbira kwa notaliyu kuti mayina onsewa ndi anga. Zingatheke?"

Bambo, musanalipire kabaza wa ku Ulongwe, bwererani kaye kwa amene analemba chekecho mutanyamula bilyeti, chiphaso chanu cha unzika chija, ndi pepala la NUIT, nambala yanu ya msonkho, muwapemphe achifafanize alembe china. Banki imatsata dzina la pa akaunti, ndipo akaunti inatsegulidwa ndi bilyeti. Kalata yolumbira siikakamiza banki kulipira cheke cha dzina lina. Ena amailandira, ena ayi, ndipo amene wakana sanalakwe.

Kalatayo idzagwira ntchito kukampani. Wowerengera ndalama wawo ali ndi kontarakiti ndi malisiti a pasikelo olembedwa Kamwendo, tsono akatulutsa ndalama kwa Camuendo afunika pepala loika m'faelo losonyeza kuti sanalipire mlendo. Mufunseni iyeyo kuti kalatayo ikhale ndi chiyani, komanso ngati akufuna mboni. Ndinaonapo mayi wina wa mbatatesi wa ku Tsangano atapita kawiri kwa notaliyu chifukwa ulendo woyamba sanafunse, ndipo kalata yake inalibe nambala ya kontarakiti.

Vuto lanu ndi la anthu ambiri a m'malire muno, makamaka amene anabwerera nkhondo itatha mu 1992. Mlembi wa Chipwitikizi akamva ka amalemba ca, akamva mwe amalemba mue. N'chifukwa chake Mwale amasanduka Muale. Ku Tete kuno aliyense wa mu ofesi akaona Kamwendo ndi Camuendo amadziwa kuti khutu ndi limodzi, zolembera ndizo ziwiri. Kusiyana kotere ndi kumene kalata yolumbira imakwanitsa.

Ilembedwe m'Chipwitikizi. Muyambe ndi dzina lonse monga lilili pa bilyeti, chilembo ndi chilembo, kenako nambala ya bilyeti, tsiku ndi malo obadwira, mayina a bambo ndi mayi anu, ndi kumene mukukhala. Mukatero mutchule pepala lililonse limene lili ndi dzina linalo, ndi nambala yake ndi tsiku lake: kontarakiti, malisiti, chekecho. Mawu akuti "mapepala anga ena" alibe mphamvu. Pomaliza munene kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, inuyo, ndipo kuyambira lero mukufuna kulembedwa monga pa bilyeti.

Musasaine kunyumba. Mukasainire pamaso pa notaliyu, kuti chidindo chake chinene kuti anakuonani mukusaina. M'maboma ambiri ntchitoyi imachitikira ku ofesi ya kaundula yomwe ija timalembetsako ana. Bilyeti ikhale yosatha ntchito, ya mboni chimodzimodzi. Mboni zabwino ndi anthu akuluakulu amene anakudziwani kuyambira ku Dedza, osati munthu wopezeka pakhomo la ofesi. Funsani mtengo musanayambe, mutenge lisiti. Ndipo musanachoke pa kauntala, werengani mayina onse awiri mutaloza ndi chala. Wotaipa akalemba Camwendo, mwabereka munthu wachitatu ndi ndalama zanu zomwe.

Dziwaninso kuti chidindocho chimatsimikiza kuti wasaina ndinu. Sichitsimikiza kuti zimene mwanenazo n'zoona. Bodza likapezeka, mlandu ndi wanu ndi mboni zanu. Choncho ngati pa mapepala awiriwo dzina loyamba ndi losiyana, kapena chaka chobadwa china n'cha 1981 china 1984, musayese kuzibisa m'kalata imeneyi. Wolandira adzakayika kuti mwina kontarakitiyo ndi ya mchimwene wanu.

Chinanso, kalatayi siisintha kanthu m'kaundula. Mukadzapeza kuti bilyeti ikusiyana ndi buku limene munalembedwamo kubadwa kwanu, kukonza kwake ndi ku ofesi ya kaundula, kenako mutenge bilyeti yatsopano. Koma inu, monga mwafotokozeramu, mapepala a boma la kuno akugwirizana, wosokera ndi wa kukampani yekha. Musavutike kusintha bilyeti kuti ifanane ndi satifiketi ya ku Dedza, chifukwa mungakoke NUIT, akaunti, nambala ya M-Pesa ndi mapepala a ana anu.

Pangani makope atatu otsimikizidwa ndi notaliyu, chenichenicho musunge kunyumba. Chaka chamawa polembetsa kontarakiti, musatchule dzina pakamwa. Perekani bilyeti, mlembi akopere.