Methanolo wabwera ndi setifiketi yolephera: ndiwalembere zotani ogulitsa?

Funso: Akulu, ndimagwira ntchito mu labu ya kiliniki ina pa Dedza boma. Tinagula mabotolo 4 a methanolo, lililonse la malita 2.5, kwa ogulitsa ena a ku Lilongwe, oti tiziumitsira masilaidi a malungo. Setifiketi anaitumiza pa imelo katundu atafika kale, ndipo mzere wina ukuti `Water ≤ 0.1%, 0.6%, FAIL`. Botolo limodzi tinalitsegula kale. Pa foni akuti palibe vuto, tingogwiritsa ntchito. Ndikufuna kuwalembera kalata yodandaula, ndilembemo chiyani?

Yankho: Mayi, cholembera chiyambe chadikira. Tengani mabotolo onse anayi, muwaike pa tebulo, muwerenge nambala ya loti, ndiye kuti ya gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi, pa lililonse. Ndikuti lililonse, osati limodzi lokha lili pamwamba, komanso osati nambala ya pakatoni. Kenako muiyerekeze ndi ya pa setifiketi ndi ya pa pepala limene dalaivala anakusainitsani. Nkhani zotere ndazionapo kambirimbiri, ndipo zambiri zimathera pomwepa: setifiketi imakhala ya loti ina. Wa mu ofesi amangotsegula kompyuta, nkutenga pepala loyamba lolembedwa methanolo, nkutumiza. Kampani yopanga mankhwala yolongosoka situlutsa loti yolephera kuti ikagulitsidwe pa giredi yomweyo, nchifukwa chake ndikaona pepala lotere ndimayamba kukayikira pepalalo ndisanakayikire botolo.

Werengani chilembo chimodzichimodzi, chala chili pa lebulo, wina akuwerenga mokweza pa setifiketi. Pa malebulo ofufutika 0 amaoneka ngati O, 1 ngati I, 8 ngati B. Samalaninso kuti musasokoneze nambala ya loti ndi nambala ya pa katalogu. Ya pa katalogu ndi imodzimodzi pa botolo lililonse la mtundu umenewo chaka ndi chaka, ndiye ikagwirizana siikuuzani kanthu. Ine ndinataya tsiku lathunthu ndikukangana ndi wogulitsa wina za katoni imene ndinkati ndi loti imodzi, pamene munali maloti awiri, mabotolo atatu a ina, limodzi la ina. Kuyambira pamenepo ndimajambula lebulo iliyonse pa foni katundu asanalowe mu sitolo. Onaninso masiku: tsiku loyeza la pa setifiketi silingakhale la mmbuyo kuposa tsiku limene lebulo ikuti mankhwalawo anapangidwa.

Manambala akasiyana, setifiketiyo si yanu, ndipo kalata yanu ndi ya mizere itatu yopempha pepala loyenera. Mabotolo akhalebe pambali mpaka pepalalo litafika. Manambala akagwirizana, ndiye kuti anakugulitsani chinthu chimene pepala lawo lomwe likuchikana, ndipo palibe choti mukambirane pa foni. Koma mukapeza kuti nambala ili pa kasitika komata pamwamba pa lebulo ina, kapena yolembedwa ndi cholembera, kapena chivindikiro chinalibe sili, amenewo ndi mankhwala otunga mu diramu nkuthira m'mabotolo. Ndi zimene zimachitika abwana akasankha koteshoni yotsika mtengo kwambiri osafunsa wa mu labu. Methanolo amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndiye diramu lotsegulidwa kawirikawiri limadzaza madzi pang'onopang'ono, ndipo setifiketi ya kufakitale, ngakhale yabwino, sinena chilichonse za zimene zili m'botolomo lero.

Zoti palibe vuto musazimvere. 0.6% pamene malire ndi 0.1% ndi kuwirikiza kasanu ndi kamodzi. Madzi mu methanolo ndiwo amaononga silaidi yopyapyala: maselo ofiira amatuluka ndi timabowo tonyezimira ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, m'mphepete mwake mokwinyika, ndipo pakati pa zimenezo kachilombo ka malungo kakang'ono konga mphete mutha kukaphonya, kapena kuona kamene kulibe. Kenako nonse mumayamba kunamizira Giemsa, mankhwala odayira masilaidi. Kuchuluka kwa kuonongekako kumadaliranso chinyezi cha m'chipinda, ndipo ndi chifunga cha kwanuko mu Juni ndi Julayi, botolo limene munatsegula lija likungoonjezera madzi nthawi iliyonse likasiyidwa pululu.

Ngati mukufuna umboni wanuwanu, pakani masilaidi awiri a magazi amodzi, ina muumitse ndi methanolo wakale amene mumamukhulupirira, inayo ndi watsopanoyu, muzidaye pamodzi, mujambule pa maikulosikopu. Zoyeza pa sikelo musavutike nazo. Mamililita 100 a methanolo weniweni amalemera pafupifupi magalamu 79.2 pa madigiri 20, madzi ochepa chonchi sangaonjezere ngakhale magalamu 0.2, pamene kusintha kwa kutentha ndi madigiri awiri okha kumasuntha sikelo mofanana. Madzi otere amayezedwa ndi njira ya Karl Fischer, imene mulibe. Choncho m'kalata musalembe kuti "tayeza tapeza". Mboni yanu ndi pepala lawo lomwe.

Ngati manambala agwirizana, kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Kaya muilemba m'Chingerezi, mfundo ndi zomwezi. Pamutu ikani nambala ya oda, ya invoisi ndi ya loti, kenako mulembe chonchi:

"Pa tsiku lakuti tinalandira mabotolo 4 a methanolo a malita 2.5, loti yakuti. Setifiketi imene munatumiza ndi ya loti yomweyi, ndipo ikuonetsa madzi 0.6% pamene malire ndi 0.1%. Katunduyu sitikumulandira. Mabotolo atatu ndi osatsegula, limodzi tinalitsegula setifiketi isanafike. Onse tawaika padera. Tikupempha kuti mudzawatenge pa ndalama zanu, ndipo mutibweretsere malita 10 a loti ina, setifiketi yake titaiona kaye katundu asananyamuke. Ngati simungathe pasanathe masiku 7, fafanizani invoisi mutibwezere zimene tinalipira. Mutiyankhe polemba."

Za botolo lotsegula lija munene nokha. Mukabisa, adzalipeza potenga katundu, nkhani yonse nkusanduka yoti inuyo ndinu munalowetsa madzi. Tsiku la pa imelo yawo likuonetsa kuti pepala linabwera mochedwa, ndiye imeloyo isindikizeni muiphatike pamodzi ndi setifiketi, pepala losainira katundu ndi zithunzi za malebulo. Mawu oti "loti ina" musawasiye, chifukwa ena amakutengerani mabotolo omwewo, nkukubweretserani anzake a pa shelefu yomweyo. Mawu okalipa ndi oopseza za makhoti sakuthandizani pa kalata yoyamba. Amangochititsa kuti kalatayo ipite kwa abwana awo m'malo mwa munthu wa ku sitolo amene akanakusinthirani sabata yomwe ino.

Tumizani pa imelo, ndipo kope lina musainitse dalaivala akabwera. A zachuma muwauze lero kuti asalipire. Mabotolo muwamate tepi yolembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito, apo ayi wa usiku adzatsegula lachiwiri methanolo wakale akatha. Ndipo masilaidi opyapyala amene munaumitsa ndi botolo lija, onani mu rejisitala kuti ndi a masiku ati, muwaonenso.